Mawu anasasa chichitireni opaleshoni ya chithokomiro: kodi adzabwerera?

Adokotala, ndine mayi wa zaka 44, ndimakhala ku Ngabu. Papita masabata 7 chindichitireni opaleshoni ya chithokomiro, anachotsa mbali ya kumanzere. Bala linapola bwino, koma chitsitsimukireni mawu anga ndi osasa, amangotuluka ngati mpweya, ndipo ndikayankhula pang'ono mpweya umandithera. Nsima ndimameza bwinobwino, koma madzi amanditsamwa. Ine ndimatsogolera nyimbo ku kwaya ya amayi. Ena akuti madokotala anandidula mawu, ena akuti alipo amene anandichita chipongwe. Chinachitika n'chiyani, nanga mawu anga adzabwerera?

Mayi, pepani kwambiri. Za chipongwezo zichotseni mumtima, musadane ndi mnzanu aliyense wa ku kwaya, chifukwa vutoli timalidziwa bwino ndipo lili ndi chiyambi chake chooneka. Za kudulidwa mawu nazonso sizili monga anthu akunenera. Opaleshoni ya chithokomiro imachitikira kunja kwa kholingo, mpeni sufika m'kati mmene mumapangidwira mawu. Chimene ndikuganiza ine n'chakuti mtsempha wonyamula uthenga wopita ku kholingo, wa mbali ya kumanzereyo, unavulala, ndiye mbali imeneyo yaleka kuyenda. Ndikuti ndikuganiza chifukwa sindinakuoneni, ndipo nkhani iyi imatsimikizika pokhapokha munthu atasuzumira m'kholingomo. Koma kuti mumvetse zimene akakuuzeni, tiyambe tapaona pakhosipo.

Ikani chala pansi pa chibwano, mutsike nacho pang'onopang'ono pakati penipeni pa khosi. Mupeza kanthu kolimba kotumphuka, kamene kwa abambo kamaonekera patali ndipo kamakwera munthu akamameza. Chimenecho si fupa, ndi chicherewecherewe, chofanana ndi cha khutu kapena cha nsonga ya mphuno koma cholimbirapo. Kuchipatala timachitcha thayiroyidi. Chinapindika ngati buku lotsegula theka, msana wake kutsogolo, ndipo ntchito yake ndi kutchinjiriza zonse zili kuseri kwake. Mukatsikanso pang'ono mupeza kadzenje kofewa, kenaka chicherewecherewe china chozungulira ngati mphete, chotchedwa kirikoyidi. Ichi chokha ndicho chimazungulira njira ya mpweya mbali zonse, chopyapyala kutsogolo, chachitali kumbuyo. Pamwamba pa kholingo pali chachitatu, epigulotisi, chooneka ngati tsamba, chimene chimagwera kumbuyo n'kuphimba khomo munthu akamameza. Zonse pamodzi zilipo 9, koma zina ndi tating'ono tosafunika kutchula lero. Tofunika kwambiri kwa inu ndi tiwiri tosakhudzika ndi chala, totchedwa aritenoyidi, tokhala pamwamba pa mphete ija chakumbuyo, kena kumanzere kena kumanja. Tsiku lina akamapha mbuzi pakhomo, pemphani kholingo lake muling'ambe chakumbuyo. Muziona zonsezi ndi maso anu, chifukwa la mbuzi silisiyana kwenikweni ndi lathu.

M'kati mwa bokosi limeneli muli timilomo tiwiri ta mawu. Anthu amaganiza kuti ndi zingwe ngati za bangwe, koma ayi, ndi timapindo ta mnofu tokutidwa ndi khungu lofewa lonyowa. Kwa mayi kamlomo kamodzi sikafika masentimita awiri kutalika, kwa bambo kamatha kupitirira pang'ono. Kutsogolo tonse tiwiri tinamangirizidwa malo amodzi, kuseri kwa chotumphuka chija. Kumbuyo kalikonse kanagwirira pa aritenoyidi wake. Ndiye aritenoyidi akatembenukira kunja, timilomo timatseguka ngati chilembo cha V, mpweya n'kudutsa. Akatembenukira m'kati, timilomo timakumana pakati, khomo n'kutsekeka.

Mawu amabadwa pa kukumanako. Timilomo tikagundana, mpweya wochokera m'mapapo umatikankha kuchokera pansi, timatseguka pang'ono, mpweya umapulumuka, timabwereranso, n'kukankhidwanso. Mwa mayi amene akungocheza zimenezi zimachitika maulendo pafupifupi 200 pa sekondi imodzi, mwa bambo pafupifupi theka lake, n'chifukwa chake mawu a abambo amakhala a besi. Tsekani milomo yanu ya pakamwa mofewa muuzire mpweya kuti injenjemere, monga amachitira ana poyerekeza galimoto. Tsopano siyani kampata pakati muuzirenso. Phokoso lija latha, kwatsala mpweya wokha, ndiponso wakutherani msanga. Zimenezo n'zimene zikuchitika m'kholingo mwanu. Kamlomo ka kumanja kakufika pakati monga kale, koma ka kumanzere kaima chapatali, ndipo pampata wotsalawo mpweya ukungotayika.

Tsono n'chiyani chimayendetsa timilomoti? Ndi timinofu tating'ono kwambiri tomangika pa zicherewecherewe zija. Totseka tilipo tingapo mbali iliyonse, koma kotsegula kalipo kamodzi kokha kumanzere, kamodzi kumanja, kuseri kwa mphete. Palinso kena kakunja, kutsogolo, kolumikiza mphete ndi thayiroyidi, kamene kamakoka timilomo kuti tikungike ngati chikopa cha ng'oma chowambidwa pamoto. Kameneka ndiko kamakweza mawu mukamaimba nyimbo yokwera. Mnofu uliwonse sugwira ntchito popanda kulamulidwa, ndipo lamulo limayenda mu mitsempha ya uthenga. Iyi si mitsempha ya magazi ayi. Ndi timaulusi toyera, tosabowoka m'kati, tochokera ku ubongo.

Wa kholingo umachokera ku mtsempha waukulu wotchedwa vegasi, umene umatuluka m'chigaza n'kutsika m'mbali mwa khosi, wina kumanzere wina kumanja. Chakumtunda umatulutsa nthambi yoyamba, imene imagawika pawiri: gawo lina limamva zonse zokhudza pamwamba pa timilomo, ndipo ndilo limakutsokomoletsani kanyenyeswa kakasochera, gawo lina limapita kwa kamnofu kokunga kaja. Nthambi yachiwiri ndiyo ya nkhani yathu, ndipo ulendo wake ndi wodabwitsa. M'malo molowa m'kholingo pomwepo pamene ili pafupi, imalipitirira. Ya kumanja imatsika mpaka pansi pa khosi, n'kukoleka pa mtsempha wa magazi wopita ku dzanja, n'kubwerera. Ya kumanzere imatsika mpaka m'chifuwa, n'kukazungulira mtsempha waukulu wa magazi wotuluka mu mtima, kenaka n'kukweranso. N'chifukwa chake timautcha mtsempha wobwerera, kapena rekarenti. Zili ngati munthu wa ku Ngabu amene akufuna kupita kwa mnansi wake kuseri kwa nyumba, koma n'kuyamba wakafika ku Bangula. Ngakhale nyamalikiti za ku Majete zija, ndi khosi lonse lija, mtsempha wake umayenda chimodzimodzi, kutsika mpaka m'chifuwa n'kubwerera.

Pokwerapo mtsemphawu umayenda m'kangalande ka pakati pa njira ya mpweya ndi njira ya chakudya, ndipo usanalowe m'kholingo umadutsa kuseri kwenikweni kwa chiwalo chimene chimatupa n'kukhala chithokomiro. Pamenepo umapingasana ndi mitsempha ya magazi imene dokotala ayenera kumanga kuti achotse chotupacho. Kunenepa kwake ndi mamilimita awiri basi, ngati ulusi wokhuthala. Chithokomiro chikakhala chachikulu, cha zaka zambiri, monga zimene timaziona kawirikawiri kwathu kuno chifukwa anthu amafika mochedwa, chimakhala chitaukankha mtsemphawo n'kuuchotsa pamalo pake, mwinanso kuutambasula pamwamba pake ngati chingwe pa mtolo. Timinofu tonse ta m'kholingo, totseka ndi kotsegula komwe, timamvera mtsempha umodzi womwewu, kupatula kokunga kaja. Zimenezi zinadziwika kalekale. Sing'anga wachigiriki dzina lake Galen, m'zaka za m'ma 100, ankaonetsa anthu ku Roma kuti akadula mtsemphawu pa nkhumba imene ikulira, imangoti zii pomwepo, ikupumabe.

Si kuvulala konse kumene kuli kudulidwa, ndipo apa m'pamene pagona yankho la funso lanu lachiwiri. Nthawi zambiri mtsempha umakhala uli wathunthu, koma unakokedwa potembenuza chotupa, kapena unapanikizidwa, kapena unamva kutentha kwa chida chowotchera timitsempha ta magazi. Kuvulala kukakhala kopepuka, ulusi wa m'kati umakhala wamoyo, uthenga wokha ndiwo wasiya kudutsa, ndipo pakapita masabata angapo mpaka miyezi itatu umayambanso kuyenda. Kukakhala kozama, ulusi wa m'kati umafa kuyambira pa bala kupita kutsogolo, chikopa chake chokha n'kutsala, ndiye umayenera kumeranso. Umamera pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndiponso sumayamba tsiku lomwelo, choncho nkhani imakhala ya miyezi. Ukadukiratu kapena kumangidwa ndi ulusi wosokera, kamlomoko sikayendanso. Mabuku athu amaonetsa kuti kufooka kwa kanthawi kumagwera anthu angapo pa 100 alionse ochitidwa opaleshoniyi, pamene kosatha kumagwera mmodzi kapena awiri, ngakhale m'manja mwa madokotala odziwa ntchito. Choncho masabata 7 ndi msanga kwambiri kuti munthu ataye mtima. Ife timadikira miyezi 6 mpaka 12 tisananene kuti basi, sikadzayendanso.

Pali chinthu china chimene odwala ambiri sauzidwa, ndipo ine ndimaona kuti n'kulakwa kuwabisira. Mu mtsempha umodziwu mumayenda limodzi uthenga woti tsegula ndi uthenga woti tseka. Ulusi ukamameranso sudziwa kwawo, ndiye wina wa kotsegula umakalowa kwa totseka, wina wa totseka kwa kotsegula. Mapeto ake timinofu tonse timakoka nthawi imodzi, kamlomo n'kuima chiimire ngakhale mtsempha wachira. Izi zimamveka ngati tsoka, koma kawirikawiri zimathandiza, chifukwa kamlomo kamene kalandiranso uthenga kamalimba, sikalendewera, ndipo kamasendera chapakati pamene kanzake kangakafikire. Ndiye tikamati mawu abwerera sitikutanthauza kuti kamlomo kayambanso kuyenda. Ambiri amapeza mawu abwino kamlomo kali chiimire.

Ndikuuzeni za mphunzitsi wina wamkazi wa kutsidya kwa Shire, dera la kum'mawa lija, amene ndinamuona sabata lachisanu ndi chimodzi atachitidwa opaleshoni yonga yanu ku chipatala china. Ndinamupempha kuti akoke mpweya wambiri, anene kuti aaa mpaka mpweya uthe, ine ndikuyang'ana wotchi. Munthu wamkulu wabwinobwino amafika masekondi 15 kapena kupitirira. Iye anafika 4. Ndinamuuza kuti atsokomole, chifuwa chake chinali chopanda mphamvu, chongoti fuu, popeza chifuwa chenicheni chimafuna kuti timilomo titseke kaye, mpweya udzadzane, kenaka uphulike. Anandiuzanso yekha kuti ndowa ya madzi ankalephera kudzitwika, ndipo ankaganiza kuti ndi kuchepa kwa magazi. Si magazi ayi. Munthu akamanyamula cholemera amatseka kholingo kuti chifuwa chilimbe, ndiye iye mpweya unkathawira pampata paja. Titalowetsa kachubu ka kamera m'mphuno tinaona kamlomo ka kumanzere kataima chapambali pang'ono, kopindika ngati uta. Pofika mwezi wachitatu anali pa masekondi 7, madzi atasiya kumutsamwa. Mwezi wachisanu ndi chitatu anafika 13. Titayang'ananso, kamlomo kaja sikankayendabe, koma kanali katawongoka, ndipo ka kumanja kankadutsa pakati pang'ono n'kukakakhudza. Anabwerera m'kalasi, ngakhale ankati likafika Lachisanu mawu amakhala atatopa, ndipo kuitana mwana ali kutali pabwalo sankathanso. Muyeso wa aaa umenewu inunso muzichita, kamodzi pa sabata, katatu motsatizana, n'kulemba chiwerengero chachikulu m'kabuku kanu ka kuchipatala. Khutu limanama chifukwa limazolowera, koma wotchi sinama.

Tsopano za madzi. Ndikudziwa kuti mtima wanu uli pa nyimbo, koma ine chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kutsamwako. Ntchito yoyamba ya kholingo si kuyankhula, ndi kulondera mapapo. Pomeza, kholingo limakwera, tsamba lija limaphimba, timilomo timatseka zolimba. Nsima imayenda pang'onopang'ono ili mbamu imodzi, ndiye imadutsa bwino. Madzi amathamanga n'kumwazika, ndipo amapeza kampata kaja. Akamalowa m'mapapo tsiku ndi tsiku, chifuwa chowatulutsa chili chofooka, mapeto ake ndi chibayo. Vuto lina ndi lakuti anthu otere amayamba kuopa kumwa, ndipo m'chigwa muno, kutentha kwa mwezi wa Okutobala kukapitirira madigiri 40, munthu wosamwa amauma thupi msanga.

Choncho imwani, koma mwanzeru. Khalani tsonga, osamwa mutagona kapena mukuyenda, ndipo osapendeketsa mutu chagada monga timachitira pomwera m'botolo. Tengani pang'ono m'kapu, tsitsani chibwano chaku chifuwa, tembenuzirani nkhope ku phewa la kumanzere, mbali yovulalayo, ndiye mumeze. Kutembenukako kumapanikiza njira ya mbali yofookayo, madzi n'kudzera mbali yamphamvu. Ngati akukutsamwanibe, kokani mpweya musanameze, muugwire, mezani, kenaka tsokomolani kamodzi musanapumenso. Zakumwa zokhuthala sizitsamwitsa kwambiri ngati madzi enieni, ndiye thobwa la mapira, phala lamadzimadzi, kapena madzi a malambe okhuthala bwino zikuthandizani kuti thupi lisaume, bola madzi ake akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Musamayankhule chakudya chili m'kamwa. Tsukani mano kawiri pa tsiku, pakuti zimene zimadwalitsa mapapo kwambiri ndi tizilombo ta m'kamwa totsika ndi madziwo. Mukayamba kutentha thupi, kutsokomola makhololo, kapena kumva kupweteka m'chifuwa popuma, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene kuti madzi amakutsamwani, kuti asangoyeza malungo okha n'kukubwezani.

Kuyang'ana m'kholingo kuja musakuzengereze. Pitani ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena kumene munachitidwa opaleshoni, mukapemphe kalata yokutumizani kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi, amene amapezeka ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ndikudziwa kuti ulendo wokwera mtunda wa Thabwa umadya ndalama, koma uwu ndi woyenera. Kuyezako sikufuna kugonetsedwa. Amapopera mankhwala ochititsa dzanzi m'mphuno, n'kulowetsa kachubu kofewa kopyapyala, kapena amagwiritsa ntchito kagalasi kakang'ono kudzera m'kamwa. Amakuuzani kuti munene iii, kenaka mununkhize mpweya m'mphuno. Pa iii timilomo timayenera kukumana, ponunkhiza timayenera kutseguka. Mphindi zochepa zatha. Kufunika kwake n'kwakuti pali zinthu zina zimene zimasasitsa mawu pambuyo pa opaleshoni. Chubu chopumira chimene amalowetsa munthu akagonetsedwa chimatha kutupitsa timilomo, ngakhale kutupa kotero kumatha m'masiku ochepa, sikufika masabata 7. Mwa apo ndi apo chubucho chimagwedeza aritenoyidi n'kumuchotsa pamalo pake, ndipo chithandizo chake n'china. Komanso mbali ya chithokomiro imene inatsala ikamalephera kupanga michere yokwanira, mawu amalemera, munthu amafooka, amamva kuzizira ndi kudzimbidwa. Zimenezo amayeza magazi ndipo zili ndi mapiritsi ake.

Mukakhala kumeneko mukafunsenso zinthu ziwiri. Choyamba, kodi dokotala anauona mtsemphawo pa opaleshoni ndipo anausiya wathunthu? Zimalembedwa m'mapepala a opaleshoni, ndipo kufunsa si kuimba munthu mlandu, ndi kufuna kudziwa kuti tidikire motani. Chachiwiri, kodi chotupa chimene anachotsa chinayezedwa, ndipo zotsatira zake zinati chiyani?

Pamene mukudikira, mawu musawabise. Kukhala chete sikuchiritsa mtsempha, ndipo kunong'ona mokakamiza kumangotopetsa khosi. Yankhulani ndi mawu amene muli nawo, m'ziganizo zifupizifupi, mukupuma pakati, munthu ali pafupi. Kukuwa pamsika kapena kuitana ana ali kutali, pezani wina akuchitireni. Choopsa n'chakuti munthu akaona mawu sakutuluka amayamba kufinya khosi lonse, minofu ya kunja n'kuuma, ndipo chizolowezi chimenecho chimatsala ngakhale mtsempha utachira. Chothandiza ndi kung'ung'udza mofewa, mmm, milomo itatsekedwa, mpaka mumve kunjenjemera pamphuno, kenaka n'kutsegula kukhala mmmaa, mmmee. Mungathenso kutenga kapaipi komwera zakumwa, kuviika nsonga yake m'kapu ya madzi pang'ono, n'kumaimbiramo uuu kuti madzi azichita thovu mosalekeza, mukukwera ndi kutsika pang'ono. Mphindi zisanu, katatu kapena kanayi pa tsiku. Mukamva kupweteka kapena chizungulire, lekani. Utsi wa nkhuni, fumbi la m'chilimwe ndi fodya wa mtundu uliwonse zimaumitsa timilomo, ndiye phikirani pamalo podutsa mphepo.

Miyezi ikatha mawu osasintha, nkhani sithera pomwepo. Popeza vuto ndi mpata, chithandizo ndi kusendeza kamlomo koimako kuti kafike pakati. Njira ina ndi kubaya mankhwala okhuthala kapena mafuta a m'thupi la mwini wake m'mbali mwa kamlomoko kuti kanenepe. Iyi imatha kuchitika msanga, osadikira chaka, makamaka kwa munthu amene akutsamwa kwambiri, chifukwa zobayidwazo zimasungunuka pakapita nthawi ndipo sizilepheretsa mtsempha kuchira. Njira yokhalitsa ndi imene anaifotokoza dokotala wa ku Japan dzina lake Isshiki mu 1974: amaboola kazenera kakang'ono pa chicherewecherewe cha thayiroyidi, n'kulowetsa kampanda kokankhira kamlomo m'kati, wodwala ali maso kuti aziyankhula mpaka mawu amveke bwino. Madokotala amene akakuoneni ndiwo akakuuzeni njira imene ingatheke ndiponso kumene ingachitikire.

Za kuimba ndikuuzani zoona. Mawu oyankhulira amabwerera mwa anthu ambiri, kaya mtsempha wachira kaya kamlomo kanzake kaphunzira kufikira. Mawu otsogolera nyimbo pamaliro kapena pa msonkhano wa panja amafuna zambiri, mphamvu, mpweya wautali ndi kukwera, ndipo amachedwa kuposa oyankhulira. Ena amawapeza onse, ena amapeza ochepa. Ngati mawu oyankhulira atabwerera koma nyimbo zokwera n'kumakukanikani, mwina nthambi yakumtunda ija, ya kamnofu kokunga, nayonso inakhudzidwa, chifukwa imadutsa pafupi ndi nsonga ya pamwamba ya chithokomiro. Pakali pano ku kwaya musasiye kupita. Mupatseni wina atsogolere, inu muziima m'gulu la mawu otsika, muziimba mofewa, ndipo mukatopa muzingowomba m'manja.

Ndiwonjezepo mawu kwa ena amene akuwerenga, amene mawu awo anasasa popanda opaleshoni iliyonse. Kumbukirani ulendo wa mtsempha wa kumanzere uja wodzera m'chifuwa. Chilichonse chotupa m'njira yake chingathe kuupanikiza: mwanabere wa chifuwa chachikulu m'kati mwa chifuwa, khansa ya m'mapapo, mtima wokula chifukwa cha matenda a zitseko zake, kapena khansa ya kummero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko amene imapezeka kwambiri pa dziko lonse. Ndinaonapo msodzi wina wa ku dambo la Ndindi amene anamwa mankhwala a chifuwa ndi uchi miyezi inayi, pakhosi pake popanda chilonda chilichonse. Kamlomo ka kumanzere kanali kataima, ndipo chithunzi cha m'chifuwa ndi kuyeza makhololo zinaonetsa chifuwa chachikulu. Mawu akasasa kupitirira masabata atatu kapena anayi, makamaka ngati munthu akuonda, akuvutika kumeza kapena amasuta, ayenera kuyang'anidwa m'kholingo, ndipo kamlomo kakapezeka kataima, kufufuza kutsike mpaka m'chifuwa.

Chotsiriza, Mayi, ndipo ichi muwauze bambo akunyumba ndi ana omwe. Inu tsopano mukupuma modalira kamlomo kamodzi kamene kamatseguka. Mitsempha yonse iwiri ikavulala, timilomo tonse timaima pafupi ndi pakati, chifukwa totsegula tija tafa mbali zonse. Zikatero mawu amatha kumveka bwino ndithu, n'kupusitsa anthu, koma mpweya umalowa movutikira pa kampata kochepa, ukulira ngati likhweru munthu akamakoka, makamaka akayenda kapena akagona. Munthu wotero angafunike kuboolerwa njira ya mpweya pakhosi mwachangu. Ngati tsiku lina mutamva phokoso limenelo popuma, kaya ndi usiku, musadikire kuti kuche. Ndipo ngati m'tsogolo muno mbali ya kumanja ya chithokomiro itatupa, kapena mutafunika opaleshoni ina iliyonse ya pakhosi kapena m'chifuwa, musalole kugonetsedwa dokotala asanadziwe za kamlomo ka kumanzereka ndi kuyang'ana m'kholingo. Mukapemphe amene akakuyezeni kuti alembe zimene apeza pa tsamba loyamba la kabuku kanu ka kuchipatala, ndi zilembo zikuluzikulu, mbali yake ndi tsiku lake.